Nkhuku Zagulitsidwa: Tsopano Ndani Atenga Zingati?

Nkhuku zomaliza za caka zikagulitsidwa, khola litasesedwa ndi kuthiridwa mankhwala, pamatsala nchito imodzi imene ambiri amaiopa kuposa kudzuka pakati pa usiku kukasonkhezera mbaula ya anapiye. Nchitoyo ndiyo kukhala pansi ndi mnzako wa m'bizinesi ndi kugawana phindu. Ambiri mwa inu amene munamaliza maphunziro pano simunayambe nokha. Luso munali nalo, koma mpamba unacokera kwa m'bale, kwa bwenzi kapena kwa mkulu wina wa m'mudzi. Wina anaika ndalama zambiri, wina anaika thukuta lambiri, ndipo tsiku logawana likafika aliyense amakumbukira bwino cimene iye anaika, naiwala ca mnzake.

Nkhani ino itsata bizinesi imodzi yoyerekezera ya anthu awiri, kuyambira pa pangano lao kufikira pa ndalama imene aliyense ayenera kutenga. Ziwerengero zake ndi zongophunzirira, si mitengo ya pamsika lero. Cofunika kucigwira ndi cimodzi: ciwongoladzanja ca mpamba, malipiro a mwini bizinesi ndi magawo ogwirizana si nkhokwe zitatu ai. Zonse zimatapidwa m'nkhokwe imodzi ya phindu, ndipo zimatapidwa motsatana.

Pangano la amalume ndi muphwa

Tiyerekeze kuti mnyamata wina wa kufupi ndi Katete wamaliza maphunziro a ulimi ndipo wagwirizana ndi amalume ake kuweta nkhuku za nyama. Amalume aika K60,000. Muphwa waika K20,000, koma si yonse imene ili ndalama ya m'manja: K8,000 ndi imene anasunga, ndipo K12,000 ndi mtengo wa khola limene anamanga kale. Mtengo wa kholalo anauika onse awiri pa tsiku loyamba, nalemba. Anacita bwino pamenepa, cifukwa katundu amene wina wabweretsa naye ndi mpamba, ndipo mtengo wake umakhala wosavuta kugwirizana phindu lisanaoneke.

Pangano lao lili ndi mfundo zitatu. Yoyamba, aliyense alandire ciwongoladzanja ca 10 peresenti pa caka pa mpamba wake, ndiko kuti K10 pa K100 iliyonse. Yaciwiri, muphwa alandire malipiro a K1,500 pa mwezi, popeza ndiye amakhala ku khola usana ndi usiku, pamene amalume ali ndi nchito zao zina. Yacitatu, cimene cidzatsala cigawidwe m'magawo asanu, atatu a amalume ndi awiri a muphwa.

Mfundo iliyonse ili ndi cifukwa cake. Ciwongoladzanja cimalipira ndalama, pakuti K60,000 ya amalume ikanatha kugwira nchito kwina. Malipiro amalipira nthawi ndi mphamvu, pakuti muphwa akanatha kukalembedwa nchito pa famu ya wina. Magawo amalipira kulimba mtima kolowa m'cinthu cimene cingapindule kapena kuluza. Zitatuzi zikalekanitsidwa, mkangano wakuti cacikulu n'citi pakati pa ndalama ndi thukuta umatha, cifukwa ciliconse capatsidwa mtengo wake.

Coyamba, pezani phindu lenileni

Palibe kugawana phindu lisanadziwike. Caka citatha, buku likuonetsa kuti zogulitsa zonse, nkhuku ndi manyowa omwe, zafika K286,000. Zoonongedwa pa bizinesi ndi K235,000. M'menemo muli anapiye, cakudya ca nkhuku, katemera, makala, utuci, mayendedwe opita kumsika, ndalama yocepa ya kutha kwa zomwera ndi zodyera, ndiponso malipiro a mnyamata waganyu amene amathandiza pa masiku ogulitsa. Tikacotsa K235,000 pa K286,000 patsala K51,000. Ili ndilo phindu la bizinesi.

Onani kuti malipiro a waganyu alowa m'zoonongedwa, koma malipiro a muphwa sanalowemo. Waganyu ndi munthu wa kunja. Bizinesi ipindule kapena iluze, ndalama yake aipeza. Muphwa ndi mwini. Munthu sangadzilembe yekha nchito, conco cimene pangano limacicha malipiro ake ndi mbali cabe ya phindu imene imapatulidwa poyamba. N'cimodzimodzi ndi ciwongoladzanja ca mpamba: si ngongole ya kubanki, koma ndi njira yogawira phindu.

Kutapa motsatana

Tsopano tiyambe kutapa m'nkhokwe ya K51,000. Ciwongoladzanja ca amalume ndi 10 peresenti ya K60,000, yomwe ndi K6,000. Ca muphwa ndi 10 peresenti ya K20,000, yomwe ndi K2,000. Pamodzi ndi K8,000, ndipo m'nkhokwe mwatsala K43,000.

Kenaka ticotse malipiro a muphwa. K1,500 kwa miyezi 12 ndi K18,000. M'nkhokwe mwatsala K25,000. Zilibe kanthu ngati mwayamba ndi malipiro kapena ndi ciwongoladzanja, malinga zonse ziwiri zacoka magawo asanakhudzidwe.

K25,000 imeneyi ndiyo yokha imene igawidwa m'magawo. Pangano likati atatu kwa awiri, limene polemba limaoneka ngati 3:2, coyamba phatikizani manambala awiriwo kuti mudziwe kuculuka kwa milu. Zitatu ndi ziwiri ndi zisanu. Gawani K25,000 m'milu isanu yofanana, ndipo mulu uliwonse ukhala K5,000. Amalume atenga milu itatu, K15,000. Muphwa atenga iwiri, K10,000.

Pomaliza, munthu aliyense asonkhanitse zake. Amalume ali ndi K6,000 ya ciwongoladzanja ndi K15,000 ya magawo, pamodzi K21,000. Muphwa ali ndi K2,000 ya ciwongoladzanja, K18,000 ya malipiro ndi K10,000 ya magawo, pamodzi K30,000. Musatseke buku musanayese ciwerengeroco: K21,000 kuphatikiza K30,000 ndi K51,000, phindu lomwe lija tinayamba nalo. Zikapanda kufanana, pena pake palakwika.

Apa amalume angadzidzimuke. "Iwe muphwa wanga, ine ndinaika ndalama zoposa zako katatu, ndiponso magawo anga ndiwo ambiri. Zatheka bwanji kuti utenge zambiri kuposa ine?" Muphwa wodziwa buku lake angayankhe mwaulemu: "Amalume, pa ndalama zimene munaika mwalandira katatu kuposa ine, ndipo pa cotsala mwatenga milu itatu pamene ine ndatenga iwiri. Cimene candikweza ndi K18,000 ya nchito ya caka conse. Mukanalemba munthu wina woyang'anira khola, ndalama imeneyo ikanapita kwa iye." Yankho limeneli ndi loona, koma limamveka bwino likanenedwa pa tsiku lolemba pangano kusiyana ndi pa tsiku logawana.

Zolakwa ziwiri zimene zimadya mpamba ndi cibale

Colakwa coyamba ndico kuyamba ndi magawo. Munthu amatenga K51,000 yonse, naigawa m'milu isanu ya K10,200, napatsa amalume K30,600 ndi muphwa K20,400. Atatero amakumbukira pangano, naonjezera ciwongoladzanja ndi malipiro pamwamba. Zonse pamodzi zimafika K77,000, pamene bizinesi inapindula K51,000 cabe. K26,000 yapamwambayo siicokera kwina koma ku mpamba, ndipo zotsatira zake zimaoneka mwezi wotsatira, ndalama yogulira anapiye ndi cakudya ikaperewera. Colakwa cimeneci cimagwidwa msanga ndi kuphatikiza kuja: zimene onse alandira siziyenera kupitirira phindu.

Colakwa caciwiri ndi cobisika. Muphwa wakhala akutenga K1,500 yake mwezi ndi mwezi, ndipo poilemba anaiika pamodzi ndi cakudya ca nkhuku ndi makala. Motero buku likuonetsa phindu la K33,000 m'malo mwa K51,000. Pa tsiku logawana, wowerengera atsata pangano mokhulupirika: acotsa K8,000 ya ciwongoladzanja, acotsanso K18,000 ya malipiro, ndipo patsala K7,000 yokha. Amalume alandira K6,000 ndi milu itatu ya K1,400, pamodzi K10,200. Ataya K10,800, ndipo muphwa walipidwa kawiri popanda wina kufuna kuba. Kuphatikiza sikungagwire colakwa cimeneci, cifukwa zonse zifanana ndi K33,000 ya m'buku. Cimene cimacigwira ndi kuwerenga mndandanda wa zoonongedwa mzere ndi mzere. Mukapezamo dzina la mmodzi wa eni bizinesi, cotsani ndalamayo m'zoonongedwa, muibweze ku phindu, ndipo muilembe pa tsamba la zimene munthuyo watengako.

Gawo la m'buku si ndalama ya m'thumba

Tsamba la zotengako ndilo limatiuza cimene munthu anyamule. M'kati mwa caka muphwa anatenga kale K18,000. Conco pa K30,000 yake patsala K12,000. Amalume anatapa K9,000 mu Novembala kuti agule feteleza wa kumunda kwao, ndipo pa maliro a m'banja anatenga nkhuku 20 pa mtengo umene anagwirizana wa K130 imodzi, yomwe ndi K2,600. Nkhukuzo zinalembedwa kale pamodzi ndi zogulitsa, ngati kuti amalume anagula pa ngongole. Pa K21,000 yao tikacotsa K11,600 patsala K9,400.

Nkhuku za pa maliro, za alendo ndi za pa Khirisimasi ndizo zimaiwalika kawirikawiri, cifukwa kulemba nkhuku imene m'bale watenga pa nthawi ya cisoni kumaoneka ngati nkhanza. Koma nkhuku yosalembedwa amailipira ndi onse awiri, ndipo amene sanadye nao amaikumbukira. Ngati mufuna kuti bizinesi ipereke cipepeso, gwirizanani, ndipo mulembe kuti ndi mphatso ya onse.

Dziwaninso kuti K12,000 ndi K9,400 zimenezi mwina sizili zonse m'bokosi. Mbali ina ya phindu ingakhale ili kwa mai wa malo odyera amene anatenga nkhuku pa ngongole, ina ili m'matumba a cakudya amene ali m'nyumba yosungiramo. Ndi bwino kulemba gawo la aliyense lonse, koma kutenga cokha cimene bizinesi ingapirire. Cotsalaco cimakhala ngongole ya bizinesi kwa mwini wake, ndipo sicitayika.

Mpamba ukasintha pakati pa caka

Ciwongoladzanja cimayenda ndi nthawi. Ngati caka ca bizinesi ciyamba mu Januwale ndi kutha mu Disembala, ndipo amalume aonjezera K12,000 pa 1 Julayi, ndalamayo yagwira nchito miyezi 6 yokha. Ciwongoladzanja cake ca caka cathunthu cikanakhala K1,200, conco ca theka la caka ndi K600. N'cifukwa cake tsiku limene ndalama yalowa liyenera kulembedwa pamodzi ndi kuculuka kwake.

Pa tsiku lomwelo gwirizananinso ngati ndalamayo ndi mpamba woonjezera kapena ndi ngongole imene amalume abwereketsa bizinesi. Kusiyana kwake n'kwakukulu. Ciwongoladzanja ca ngongole cimalowa m'zoonongedwa ndipo cimalipidwa ngakhale bizinesi italuza, pamene ciwongoladzanja ca mpamba cimadikira phindu.

Caka coipa ndico cimayesa pangano

Tiyerekeze tsopano kuti citopa calowa m'khola ndi kupha gulu limodzi la nkhuku, ndipo mtengo wa cakudya wakwera. Phindu la caka latsika kufika K16,000. Pangano likufunabe K8,000 ya ciwongoladzanja ndi K18,000 ya malipiro, pamodzi K26,000. M'nkhokwe mwaperewera K10,000.

Njira imene owerengera ndalama ambiri amatsata ndi iyi: lembani ciwongoladzanja ndi malipiro onse monga mwa pangano, kenaka mugawane kupereweraku m'magawo omwe aja. K10,000 m'milu isanu ndi K2,000 mulu umodzi. Amalume asenza milu itatu, K6,000. Muphwa asenza iwiri, K4,000. Amalume anali ndi K6,000 ya ciwongoladzanja, ndipo tikacotsa K6,000 sapeza kanthu. Muphwa anali ndi K20,000, ndipo tikacotsa K4,000 atsala ndi K16,000. Kuphatikiza kukufanana ndi phindu la caka, conco ciwerengero cili bwino.

Pano pali zinthu ziwiri zowawa. Amalume, amene anakondwa ndi magawo atatu pa tsiku la pangano, aona kuti gawo lalikulu la phindu ndi gawo lalikulunso la kuluza. Muphwa nayenso sanapulumuke: anatenga kale K18,000, pamene gawo lake ndi K16,000, conco ali ndi ngongole ya K2,000 ku bizinesi. Apa m'pamene zimaoneka poyera kuti malipiro a mwini bizinesi sali ngati a wanchito. Iye amawatenga mwezi ndi mwezi moyembekezera phindu, ndipo phindu likapanda kufika, amabweza kapena amadulidwa caka camawa.

Pali njira inanso imene anthu angasankhe. Pangano linganene kuti phindu likacepa, ciwongoladzanja ndi malipiro zicepetsedwe mofanana kufikira zitakwana m'phindu limene lilipo. M'caka cathu coipaci, pa K26 iliyonse imene munthu amayembekezera angalandire K16. Amalume angapeze pafupifupi K3,692, ndipo muphwa pafupifupi K12,308. Njira zonse ziwiri ndi zoona, koma zimasiyana ndi K3,692, ndipo aliyense adzakonda imene imukomera. Sankhani imodzi nkhuku zili zamoyo, ndipo muilembe.

Popanda pangano, lamulo ligawa pakati

Ena amati pakati pa abale sipafunika pepala. Mabizinesi a cigwirizano cotere muno m'Zambia amatsata lamulo la ku Mangalande la 1890, limene likugwirabe nchito m'dziko lathu. Lamulolo limalola anthu kupangana monga afunira, koma kumene sanapangane kanthu limaika mfundo zake. Phindu ndi kuluza zimagawidwa mofanana, osayang'ana kuti wina anaika zingati. Palibe ciwongoladzanja ca mpamba, ndipo palibe malipiro a mwini bizinesi, ngakhale atagwira nchito yekha caka conse. Ndalama yokha imene munthu wabwereketsa bizinesi pamwamba pa mpamba wake ndiyo imalandira 5 peresenti pa caka.

Conco amalume ndi muphwa akanakhala opanda pangano, K51,000 ikanagawidwa pakati, aliyense K25,500. Muphwa akanataya K4,500 poyerekeza ndi K30,000 ija. M'caka coipa akanalandira K8,000 yokha pa nchito ya miyezi 12. Pangano la pakamwa nalo ndi pangano, koma kulitsimikiza n'kovuta anthu awiri akalikumbukira mosiyana, makamaka mmodzi akamwalira ndipo ofunsa ali ana ake. Kulembetsa dzina la bizinesi ku PACRA sikugawa phindu. Kagawidwe kamakhala m'pangano lanu.

Pepala lake siliyenera kukhala lalitali. Linene mpamba wa aliyense ndi tsiku limene unalowa, mtengo wa katundu amene wabweretsedwa, peresenti ya ciwongoladzanja, amene alandire malipiro ndi kuculuka kwake, magawo a cotsala, cocita phindu likacepa, ndiponso ndalama imene munthu angatape pa mwezi popanda kufunsa mnzake. Onse asaine pamaso pa mboni, ndipo aliyense asunge pepala lake.

Akulu amati cibale ndi fupa, siciola. Amatinso mlandu suola. Musanagule anapiye a caka cino, khalani pansi ndi mnzanuyo, mutenge mfundo za pangano lanu ndi kuziyesa kawiri pa pepala: kamodzi ndi phindu limene mukuliyembekezera, kamodzinso ndi gawo limodzi mwa magawo atatu a phindulo. Ngati nonse mungavomere ciwerengero caciwirico osakwinya nkhope, sainani. Ngati wina wakwinya, sinthani mfundozo tsiku lomwelo, khola likadali lopanda kanthu.